Kujambula galu kapena mphaka musanapite naye kwa dokotala wa ziweto: mafunso ndi mayankho a ubweya, khungu ndi maso

Mu Lilongwe muno, kunyamula galu kuchoka kwa Chinsapo, ku Kawale kapena kwa Mtandire kupita naye kuchipatala cha ziweto si nkhani yamasewera. Mu minibasi anthu amadandaula, pa kabaza galu sakhazikika, ndipo galimoto yahayala imafuna ndalama. N'chifukwa chake ambiri amayamba atumiza kaye chithunzi pa foni, n'kufunsa kuti, "Adokotala, taonani galu wangayu, chikumuvuta n'chiyani?" Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni ziweto amafunsa kawirikawiri pa nkhani imeneyi.

Kodi dokotala angadziwe matenda a galu wanga pongoona chithunzi?

Nthawi zambiri ayi, ndipo amene angakutchulireni dzina la matenda ndi mankhwala ake pongoona chithunzi chimodzi mumukayikire. Matenda a khungu amafanana kwambiri pamaso. Mphere, chipere ndi zilonda zobwera chifukwa cha nthata, zonsezi zimasiya malo opanda ubweya okhala ndi nkhanambo. Tizilombo toyambitsa mphere sitioneka ndi maso, ndiye kamera ya foni singatione. Dokotala amayenera kupala khungu pang'ono ndi kampeni, n'kuyang'ana zimene wapalazo pa makina oonera tizilombo ting'onoting'ono.

Komabe chithunzi chili ndi ntchito yake. Chimaonetsa pamene vuto lili pathupi, chimaonetsa ngati likukula kapena likuchepa, ndipo chimathandiza kudziwa ngati chiweto chingadikire mpaka Lolemba kapena chiyenera kuonedwa lero lomwe. Inu amene mumakhala ndi galuyo tsiku lililonse, maso anu amazolowera, moti simuona kuti malo othothoka aja akula. Mukayika pamodzi chithunzi cha sabata yatha ndi cha lero, kusiyana kwake kumaonekeratu.

Ndijambule bwanji kuti chithunzi chikhale chothandiza?

Jambulani panja, pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapepa. Dzuwa la masana limawalitsa ubweya mpaka zofiira zonse kubisika, pamene babu la m'nyumba limapangitsa khungu ndi maso kuoneka achikasu pomwe sali choncho. Fulashi muzimitse. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu, chifukwa zithunzi zambiri zosaoneka bwino vuto lake limakhala mafuta a zala basi.

Yambani ndi galu yense ataima, mbali ya kumanzere, kenako ya kumanja, kenako kuchokera pamwamba kuti msana ndi chiuno zioneke. Anthu ambiri amathamangira kujambula chilonda chokha pafupi kwambiri, ndiye dokotala amalandira chithunzi cha khungu lofiira osadziwa ngati ndi pamwendo kapena pakhosi. Mukatha thupi lonse, senderani pafupi ndi malo ovutawo, mtunda wa masentimita 20 kapena 30, gundani pa sikirini pamene pali chilondacho kuti kamera iyang'ane pomwepo. Mukasendera kwambiri kuposa pamenepa, mafoni ambiri amalephera kuona bwino. Wina akugwirireni galuyo ndipo apatule ubweya ndi zala kuti khungu lenileni lioneke, makamaka m'mphepete mwa malo othothokawo, chifukwa matenda amakhala akugwira ntchito m'mphepetemo. Pambali pake ikani ndodo ya machesi kapena chitsekerero cha botolo, chomwechomwecho nthawi zonse, kuti kukula kwa chilonda kudziwike.

Musasambitse galu musanamujambule, ndipo musapukute manthongo. Ndikudziwa kuti munthu umachita manyazi kuonetsa chiweto chauve, koma nkhanambo, mafinya ndi manthongo ndi zimene dokotala akufuna kuona. Jambulani kaye, mupukute pambuyo.

Potumiza pa WhatsApp, sankhani HD kapena tumizani chithunzicho ngati Document. Mukangotumiza mwachizolowezi, chimafinyidwa ndipo timadontho ting'onoting'ono timafufutika. Kutumiza pa HD kapena ngati Document kumadya bandulo yochulukirapo, koma zithunzi zinayi zooneka bwino zimaposa makumi awiri zachimbuuzi.

Galu wanga akuthothoka ubweya. Pa chithunzi ndiyang'ane chiyani?

Yang'anani malo. Funso ili ndi limene ndimafuna eni agalu alimvetse kuposa ena onse, chifukwa matenda a khungu ali ndi malo amene amakonda kuyambira, ndipo chithunzi cha thupi lonse chimaonetsa zimenezi bwino kuposa kufotokoza pakamwa.

Ngati ubweya wathothoka kumsana chakuchiuno, patsinde pa mchira ndi kumbuyo kwa ntchafu, ndipo galu amadziluma malo amenewo, ganizirani nthata. Pa chithunzi ubweya wotsalawo umaoneka wodukaduka, osati wozuka, chifukwa galu waudula yekha ndi mano. Nthatazo mwina simuziona, zimathamanga, ndiponso galu amene thupi lake limadana ndi malovu a nthata amayabwidwa kwambiri ngakhale zitamuluma zochepa. Chimene mungaone ndi timadontho takuda patsinde pa ubweya. Pesani galuyo pamwamba pa pepala loyera lonyowa. Timadonthoto tikagwa n'kuyamba kusungunuka mofiirira, ndi ndowe za nthata, zomwe ndi magazi ouma. Fumbi wamba silisintha mtundu. Jambulani pepalalo, ndi umboni wabwino.

Ngati vuto lili m'mphepete mwa makutu, pazigongono, pamfundo za miyendo yakumbuyo ndi kumimba, pali nkhanambo zokhuthala zotuwa, ndipo galu akukanda usiku wonse osagona, imeneyo imafanana ndi mphere yoyabwa. Imafalikira kwa agalu ena mosavuta, ndipo anthu a pakhomo, makamaka ana amene amamunyamula, amatha kutuluka tizilonda toyabwa m'mikono ndi pamimba. Mukaona zotere muwauze adokotala, ndi chizindikiro chachikulu.

Pali mphere inanso imene imakonda agalu aang'ono osakwana chaka ndi theka. Iyi imayambira kuzungulira maso, m'mbali mwa kamwa ndi pamiyendo yakutsogolo. Poyamba siyabwa kwenikweni, ndipo sipatsirana ngati inzake ija, chifukwa tizilombo take timakhala kale pakhungu la agalu ambiri, timangochuluka thupi likafooka ndi njoka zam'mimba, njala kapena matenda ena. Pa chithunzi mwana wagalu amaoneka ndi mzere wopanda ubweya kuzungulira maso.

Chipere chimakonda kupanga malo ozungulira, ofunduka, pankhope, m'makutu ndi pamiyendo, makamaka kwa ana agalu ndi ana amphaka. Chimagwiranso anthu. Koma chenjerani, si chilichonse chozungulira chimene ndi chipere. Kwa agalu, mabakiteriya a pakhungu amapanganso timalo tozungulira tokhala ndi khungu lofunduka m'mphepete, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Mankhwala ake ndi osiyana kotheratu.

Galu wamkulu akathothoka mofanana mbali zonse ziwiri za thupi, osayabwidwa, khungu n'kumada, vuto limatha kukhala m'kati mwa thupi, osati pakhungu. Pamenepo pamafunika kuyeza magazi. Koma malo ouma okhuthala pazigongono za galu wamkulu wolemera amene amagona pa simenti nthawi zambiri amangobwera chifukwa cha pogona, pokhapokha akang'ambika kapena kutuluka mafinya.

Mungapereke chitsanzo cha mmene zithunzi zimathandizira?

Tiyerekeze mwana wagalu wa miyezi isanu wa pakhomo lina ku Biwi. Loweruka mwini wake waona kadazi pamwamba pa diso lamanzere. Wajambula nkhope yonse, mbali zonse ziwiri za thupi, ndi kadaziko pafupi ali ndi ndodo ya machesi pambali. Kadaziko ndi theka la ndodoyo. Khungu ndi lotuwa, louma, lopanda mafinya. Makutu ali bwino, patsinde pa mchira pali ubweya wonse, pepala lonyowa silinaonetse kufiira. Galu akudya, akusewera, sakukanda. Pa chithunzi cha m'mbali, mimba ikuoneka yotupa pang'ono pamene nthiti zikuwerengeka.

Zithunzi zimenezi zikunena kuti nthata ndi mphere yoyabwa sizikuoneka kukhala zoyambitsa, ndipo zotsala ndi mphere ya ana agalu kapena chipere. Zikunenanso kuti palibe changozi cha lero, galu angathe kupita kuchipatala m'kati mwa sabata. Mimba yotupa ija ikupempha funso lina: kodi anamwa liti mankhwala a njoka? Pakadali pano ana asamamunyamule, ndipo omugwira asambe m'manja ndi sopo, poti chipere sichinachotsedwe pa mndandanda.

Tsopano tinene kuti ndalama yavuta, papita sabata ziwiri. Mwini wake wajambulanso malo omwewo, mtunda womwewo, nthawi yomweyo ya tsiku. Kadazi kaja katalika kuposa ndodo ya machesi, kena katuluka pakona pa kamwa, tiwiri pamwendo wakutsogolo, ndipo pakati pa zala pafiira ndi kutupa. Pa chithunzi chapafupi pakuoneka tiziphuphu tokhala ndi mafinya. Apa nkhani yasintha. Malo achuluka, mapazi akhudzidwa, ndipo mabakiteriya alowerera. Kudikiranso kukhoza kufikitsa galuyo pothothoka thupi lonse, pamene chithandizo chimatenga miyezi ndi ndalama zambiri. Dokotala akaona zithunzi za masiku awiriwa pamodzi, amadziwa liwiro la matendawo asanamugwire n'komwe galuyo. Adzapala khungu mpaka patuluke timagazi pang'ono, chifukwa tizilombo ta mphere imeneyi timakhala m'kati mwa timabowo ta ubweya. Musadabwe nazo, ndi mmene amayezera.

Chithandizo chikayamba, pitirizani kujambula kamodzi pa sabata. Kufiira ndi mafinya ndi zimene zimayamba kutha. Ubweya umachedwa, umatha kutenga mwezi kapena iwiri kuti uoneke bwino, ndipo anthu ambiri amasiya mankhwala panjira poganiza kuti sakugwira ntchito, kapena poganiza kuti galu wachira. Uthenga woti musiye uchokere kwa dokotala atayezanso khungu.

Pali zotupa zambiri zokhala ndi kabowo pakati, makamaka kumimba ndi kumapazi. N'chiyani?

Kuno kwathu, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, zimenezi kawirikawiri zimakhala mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga kapena dothi la pamthunzi limene lanyowa ndi mkodzo kapena ndowe, komanso pa masaka ndi nsanza zonyowa zimene galu amagonera. Kamphutsi kamaboola khungu n'kumakulira m'katimo kwa masiku 8 mpaka 12. Pa chithunzi chapafupi mumaona chotupa cholimba, pamwamba pake kabowo konyowa, nthawi zina kadontho kakuda kapena koyera pakati. Vidiyo ya masekondi khumi imathandiza kuposa chithunzi, chifukwa kadonthoko kamasuntha.

Ili ndi limodzi mwa mavuto ochepa amene chithunzi chimatha kuwatchula pafupifupi ndithu. Werengani zotupazo. Galu wamkulu wokhala ndi ziwiri kapena zitatu si wangozi, koma kamwana ka milungu yochepa kokhala ndi makumi angapo kamafooka msanga, kapite tsiku lomwelo. Ngati chotupa chili pachikope, pamphuno kapena kumaliseche, musafinye nokha. Mphutsi ikaphulikira m'kati, pamatupa kwambiri ndi kuchita mafinya. Ndipo mukapanda kusintha pogona, kuchapa ndi kuyanika masaka padzuwa mpaka aume gwa, ndi kuchotsa ndowe tsiku lililonse, zibweranso.

Nsonga za makutu zili ndi zilonda zakuda zotuluka magazi. Kodi ndi mphere?

Mwina ayi. Ngati zilonda zili kunsonga kwenikweni kwa makutu oimirira, kapena popindikira pa makutu ogwa, ndipo thupi lonse lili bwino, nthawi zambiri ndi ntchentche zoluma zimene zimavutitsa agalu omangidwa pafupi ndi dzala, khola la nkhuku kapena ngalande. Mukajambula masana muziona zitatera pomwepo. Mphere imatsata m'mphepete monse mwa khutu ndipo imapezekanso pazigongono. Jambulaninso m'kati mwa khutu, chifukwa nkhupakupa zofiirira zimakonda kuunjikana mmenemo ndi pakati pa zala.

Palibe chilonda, koma ubweya ndi wotuwa, wouma, wosawala. Ndide nkhawa?

Choyamba, m'mwezi wa Seputembala ndi Okutobala fumbi la Lilongwe limatuwitsa galu aliyense. Mupukuteni ndi nsalu yonyowa mbali imodzi, mudikire aume, mujambule. Ngati kuwala kwabwerera, linali fumbi. Agalu a ubweya wambiri amayoyolanso ubweya kukayamba kutentha, koma pansi pake pamatsala ubweya wina wosalala, khungu silioneka.

Ngati ubweya uli woimaima, wosweka, wakuda n'kumaoneka wofiirira, yang'anani chithunzi chochokera pamwamba ndi cha m'mbali. Mafupa a m'chiuno ndi msana akaonekera patali, galuyo ndi woonda. Agalu ambiri m'makomo mwathu amadya nsima ya madeya ndi msuzi basi, ndipo ubweya umapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndiye ndi umene umayamba kuonetsa kuperewera. Kuwonjezera usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, dzira lophika, kapena zotsala za nyama zophika kumasintha zinthu, koma kusinthako kumaoneka pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Galu amene akudya bwino koma akuondabe ali ndi china: njoka zam'mimba, matenda obwera ndi nkhupakupa, kapena vuto la m'kati. Ameneyo chakudya chokha sichimuchiza.

Ndikajambula usiku, maso ake amawala mobiriwira. Kodi ndi matenda?

Ayi. Kumbuyo kwa diso la galu ndi mphaka kuli kachigawo kobweza kuwala kamene kamawathandiza kuona mumdima. Fulashi ikamenya pamenepo, maso amawala mobiriwira kapena mwachikasu, ndipo a maso abuluu amatha kuwala mofiira. Chofunika kuona ndi ngati diso limodzi likuwala pamene linalo lili zii pa zithunzi zingapo zimene galu wayang'ana kamera molunjika. Zikatero pali chimene chikutchinga kuwala m'diso limenelo, ndipo muwaonetse adokotala.

Pojambula maso bwinobwino, khalani pamthunzi, kamera ikhale pa msinkhu wa nkhope ya galu, maso onse awiri alowe m'chithunzi chimodzi. Diso labwinolo ndi limene limakuuzani mmene lodwalalo liyenera kuonekera. Kenako jambulani diso lililonse palokha kutsogolo ndi cham'mbali. Musakanule zikope mwamphamvu ngati galu akumva ululu.

Maso akutuluka manthongo. Ndidziwa bwanji ngati n'zoopsa?

Onani mtundu wake, ndipo onani ngati ndi diso limodzi kapena onse. Timanthongo totuwa pang'ono pakona ya diso m'mawa, diso lili lotseguka bwino ndi loyera, si vuto, makamaka nyengo ya fumbi ndi utsi wa zinyalala. Manthongo achikasu kapena obiriwira obwerera mukangopukuta ndi mafinya.

Diso limodzi lokha likamatuluka misozi, galu n'kumalitsinzina kapena kulikanda ndi phazi, ganizirani kuvulala: kambewu ka udzu kalowa pansi pa chikope, mphaka wamukanda, kapena kamtengo kamubaya. Kutsinzina ndi chizindikiro cha ululu, ndipo kwa ine diso lotsinzina limaposa manthongo ochuluka pa kuopsa. Chilonda cha pagalasi la diso nthawi zambiri sichioneka pa chithunzi. Dokotala amadonthezamo mankhwala a mtundu amene amamatirira pachilondapo n'kuoneka obiriwira. Chilonda chotere chimatha kuzama m'masiku awiri kapena atatu mpaka diso kuphulika, choncho musapitirire tsiku limodzi.

Maso onse awiri akadzaza mafinya mwa galu wamng'ono amene sanabayidwe katemera, mphuno nayo ikutuluka mamina okhuthala, akutsokomola, sakudya, nkhawa yaikulu ndi matenda a disitempa. Pa chithunzi mphuno imaoneka youma yong'aluka, ndipo pambuyo pake zikhatho za mapazi zimalimba. Mupatuleni kwa agalu ena ndipo muwaimbire achipatala musanafike, kuti akuuzeni podikirira posasakanikirana ndi agalu ena.

Agalu a nkhope ya makwinya, monga a mtundu wa Boerboel amene ambiri amaweta polondera nyumba, nthawi zina chikope chimapindikira m'kati, ubweya n'kumakhula diso. Chithunzi cham'mbali chimaonetsa mphepete ya chikope itabisika ndi ubweya wonyowa. Mankhwala odontheza sathetsa zimenezi, pamafunika opaleshoni yaing'ono. Kanyama kofiira kotupa pakona ya diso chakumphuno nakonso kamafuna dokotala. Musalole wina kukadula ndi lezala, chifukwa kamapanga gawo la misozi, ndipo kakachotsedwa diso limatha kuuma moyo wonse.

Diso likuoneka loyera kapena la mtambo. Kodi ndi ng'ala?

Zimatengera pamene mtambowo uli, ndipo apa chithunzi cham'mbali ndi chimene chimathandiza. Ngati mtambo uli pamwamba, moti mbali yofiirira ya diso ija sikuoneka bwino, vuto lili pagalasi lakunja: chilonda, kutupa kwa m'kati, kapena kuchuluka kwa mphamvu ya madzi m'diso. Zikabwera mwadzidzidzi, choyera cha diso chitafiira, diso likuoneka lalikulu kuposa linzake, kapena mwanadiso wakula osachepa pa kuwala, pitani tsiku lomwelo. Galu amatha kuchita khungu m'tsiku limodzi kapena awiri.

Ngati pamwamba pali poyera bwino, mtambo uli m'kati mwa mwanadiso mokha, ndi nkhani ina. Agalu opitirira zaka zisanu ndi ziwiri amakhala ndi kamtambo kotuwa mwabuluu m'maso onse awiri mofanana, koma amaona bwinobwino. Ndi ukalamba chabe. Ng'ala yeniyeni imakhala yoyera kwambiri, ndipo galu amayamba kugunda zinthu. Ikabwera msanga m'maso onse awiri, galu akumwa madzi ambiri, akukodza pafupipafupi ndi kuonda, akayezedwe shuga.

N'chifukwa chiyani adokotala amapempha chithunzi cha nkhama pamene ine ndadandaula za ubweya?

Chifukwa nkhupakupa, nthata ndi njoka zina zam'mimba sizithera pakhungu. Zimamwa magazi, ndipo nkhupakupa zimafalitsa matenda owononga magazi amene amapha agalu ambiri. Kwezani mlomo wa m'mwamba mujambule nkhama pa kuwala kwa panja. Zabwino zimakhala zofiirira monyowa. Zotuwa kapena zoyera zikutanthauza kuchepa kwa magazi. Zachikasu, pamodzi ndi choyera cha diso chachikasu ndi mkodzo wakuda, ndi chikasu. Timadontho tofiira pankhama kapena kumimba, kapena magazi otuluka m'mphuno, nazonso zimayenda ndi matenda a nkhupakupa. Agalu ambiri akuda ali ndi nkhama zakuda chibadwire. Kwa amenewa, kokerani pansi chikope cha m'munsi pang'ono mujambule m'kati mwake.

Kamera imanama pa mitundu, ndiye ikani chala chanu kapena pepala loyera m'chithunzimo kuti pakhale poyerekezera. Nkhama zoyera kapena zachikasu, galu ali wofooka osadya, sizidikira yankho la pa foni.

Nanga mphaka?

Mphaka wathanzi amadzinyambita, choncho ubweya wonyankhalala, womatana kapena wamafuta umanena kuti akudwala kapena m'kamwa mukumupweteka. Kachikopa koyera kotuluka pakona ya maso onse awiri n'kuphimba mbali ya diso kamaoneka mphaka akafooka, akatsegula m'mimba kapena madzi akachepa m'thupi. Ana amphaka omatika maso ndi mafinya, akuyetsemula, amakhala ndi chimfine cha amphaka. Nyowetsani thonje m'madzi owiritsa ozizira, mufewetse manthongowo pang'onopang'ono mutatha kujambula, ndipo apite msanga chifukwa mafinya otsekeredwa amawononga diso. Mphaka woyera akakhala ndi nkhanambo zosapola kunsonga kwa makutu kapena pamphuno, dzuwa limakhala litawononga khungu ndipo imatha kukhala khansa, jambulani mwezi ndi mwezi koma musachedwe kumuonetsa.

Podikira tsiku lopita kuchipatala, ndingapake chiyani?

Musapake oyilo wakuda wa galimoto. Ndimaona agalu ambiri m'makwalala atadetsedwa nawo, eni ake akufuna kuwathandiza, koma oyilo amawotcha khungu lodwala kale, galu amamunyambita n'kudwala m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo dokotala sangaonenso chilichonse pakhungupo. Chimodzimodzi palafini, dizilo ndi mankhwala a m'munda. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ndi amphaka, ndipo mankhwala ambiri a nthata olembedwa kuti ndi a agalu amapha mphaka. Panado ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa.

M'maso musadonthezemo mankhwala otsala a munthu. Ena ali ndi mankhwala oletsa kutupa amene amakulitsa chilonda cha pagalasi la diso. Zimene mungachite ndi kupukuta kunja kwa diso ndi thonje la madzi owiritsa ozizira, thonje lina diso lina, kuchapa zogonera, kumuika pamalo ouma, ndi kumuletsa kukanda. Ngati mwapaka kale china chake, jambulani botolo lake ndipo munene zoona. Dokotala sakufuna kukudzudzulani, akufuna adziwe chimene chasintha maonekedwe a khungulo.

Ndi liti pamene sindiyenera kujambula n'komwe?

Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, nsagwada yagwa, akuyang'ana modabwitsa, akuluma zinthu kapena akudzandira, musasendeze nkhope kapena dzanja pafupi kuti mujambule maso kapena nkhama. Chikhoza kukhala chiwewe, ndipo chiwewe chilipo m'Malawi muno. Mutsekereni ngati n'kotheka popanda kumugwira, chotsani ana, ndipo imbirani alangizi a ziweto a boma a m'dera lanu kapena a bungwe losamalira ziweto la LSPCA. Kutsimikiza chiwewe kumachitika poyeza ubongo wa chiweto chakufa, ntchito imene labotale yaikulu ya ziweto ya ku Bwemba imagwira, choncho chiweto chotere chikafa musathamangire kuchitaya musanawauze. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Diso lotuluka m'malo mwake, diso lobayidwa, kapena limene njoka yalavuliramo, nalonso si la zithunzi. La njokalo litsukeni ndi madzi oyera ambiri nthawi yomweyo. Lotulukalo liphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowa kuti lisaume, muuyambe ulendo.

Pamodzi ndi zithunzi, ndilembe chiyani?

Lembani msinkhu wa chiweto, tsiku limene munayamba kuona vutolo, ngati akukanda kapena ayi, ngati akudya ndi kumwa monga kale, zimene amadya, ndi ngati ziweto zina kapena anthu pakhomopo ali ndi zofanana. Onjezani tsiku la katemera womaliza, la mankhwala a njoka ndi la mankhwala a nkhupakupa. Ngati muli ndi kabuku ka katemera, jambulani tsamba lake. Chithunzi chakale cha galuyo ali bwino, ngakhale chimene anangolowamo pa chithunzi cha ana, chitumizeninso. Pa tsiku lopita, musamusambitse kapena kumupaka chilichonse kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa sopo ndi mafuta zimachotsa zimene dokotala akufuna kupala ndi kuyeza. Ngati akuganizira chipere ndipo atenga ubweya kuti akaumeretse ku labotale, yankho limatha kutenga milungu iwiri kapena itatu, choncho funsani zoti muzichita pakhomo ndi ana pamene mukudikira.